Tebulo la choonadi limatha, kusaka umboni sikutha: chifukwa chake lojiki ya fesiti oda sigamulika

Ophunzira ambiri a masitazi pa masamu ndi pa sayansi ya makompyuta kuno ku Lusaka amakumana ndi mfundo ziwiri zimene zimaoneka ngati zikulimbana. Yoyamba ndi ya Kurt Gödel, ya mu 1929, yonena kuti fomyula iliyonse ya lojiki ya fesiti oda imene ndi yoona paliponse ili ndi umboni wake. Yachiwiri ndi ya Alonzo Church ndi Alan Turing, ya mu 1936, yonena kuti palibe aligorizimu imene ingatiuze, pa fomyula iliyonse, ngati ndi yoona paliponse kapena ayi. Wophunzira amafunsa kuti, ngati umboni ulipo, kompyuta ingalephere bwanji kuupeza? Nanga bwanji mu lojiki ya mapuropozishoni, imene tinaphunzira chaka choyamba, tebulo la choonadi limathetsa nkhani yonse popanda vuto?

Mfundo ziwirizi sizitsutsana. Kusiyana konse kwagona pa chinthu chimodzi: kodi tingawerengeretu, pongoyang'ana fomyulayo, poti kusaka kwathu kukathere? Mu lojiki ya mapuropozishoni tingathe. Mu lojiki ya fesiti oda sitingathe, ndipo pali umboni woti sitidzatha.

Kugamulika n'kutani

Fomyula yoona paliponse ndi imene imakhala yoona mulimonse mmene tingatanthauzire zizindikiro zake. Vuto lathu ndi lakuti, atatipatsa fomyula, tiyankhe kuti inde kapena ayi pa funso loti ndi yoona paliponse. Vuto lotere timati ndi logamulika ngati pali aligorizimu imodzi imene imalandira fomyula iliyonse, kugwira ntchito kwa masitepe owerengeka, kenako n'kuima ndi yankho lolondola. Mawu ofunika apa ndi awiri: imodzi, ndiponso kuima. Aligorizimu imene imayankha molondola nthawi zina koma nthawi zina n'kumangoyenda osaima sinagamule vutolo.

David Hilbert ndi Wilhelm Ackermann anaika funsoli poyera m'buku lawo la mu 1928, ndipo limadziwika ndi dzina la Chijeremani lakuti Entscheidungsproblem. Pa nthawiyo panalibe tanthauzo lenileni la masamu la mawu oti aligorizimu. Kuti munthu asonyeze kuti njira ilipo, amangoilemba anthu n'kuiona. Koma kuti asonyeze kuti njira palibe, ayenera kuyamba wanena bwinobwino chimene njira zonse zotheka zili. Ichi n'chifukwa chake yankho linadikira mpaka 1936, pamene Church anagwiritsa ntchito kalikyulasi ya lamuda ndipo Turing anafotokoza makina ake.

Chifukwa chake tebulo limagwira ntchito

Mu lojiki ya mapuropozishoni, fomyula imamangidwa ndi zilembo monga p ndi q, zolumikizidwa ndi ¬, ∧, ∨ ndi →. Kutanthauzira fomyula n'kungopatsa chilembo chilichonse mtengo umodzi mwa iwiri, choona kapena chabodza. Tengani ((p → q) ∧ p) → q. Zilembo ndi ziwiri, choncho njira zozitanthauzira ndi zinayi, ndipo mukayesa zonse mupeza kuti fomyulayo ndi yoona pa mzere uliwonse. Tsopano sinthani pang'ono: ((p → q) ∧ q) → p. Pa mzere umene p ndi chabodza ndipo q ndi choona, mbali ya kumanzere ndi yoona koma p ndi chabodza, ndiye fomyula yonse yagwa. Mzere umodzi umenewo ndi wokwanira kuyankha kuti ayi.

Zinthu ziwiri zikupangitsa kuti izi zitheke. Choyamba, mtengo wa fomyula umadalira zilembo zokhazo zimene zili m'kati mwake, ngakhale chinenero chonse chili ndi zilembo zosawerengeka. Chachiwiri, chilembo chilichonse chili ndi mitengo iwiri yokha. Choncho fomyula ya zilembo n ili ndi mizere 2ⁿ, ndipo nambala imeneyi timaidziwa tisanayambe n'komwe kuwerengera. Emil Post anafotokoza njira imeneyi mwadongosolo mu 1921, ndipo Paul Bernays anali atafika kale pa kugamulika kwa lojikiyi mu 1918.

Kugamulika sikutanthauza kufulumira. Zilembo 20 zimafuna mizere 1,048,576, ndipo zilembo 300 zimafuna mizere yoposa 10⁹⁰, imene palibe kompyuta ingaimalize. Komabe malire alipo ndipo ndi owerengeka. Pa funso la kugamulika, chofunika ndi chimenecho.

Chimene ∀ ndi ∃ zimabweretsa

Lojiki ya fesiti oda, imene maziko ake anayalidwa ndi Gottlob Frege mu 1879, imalankhula za zinthu ndi ubale wa pakati pa zinthuzo. Kuti titanthauzire fomyula tiyenera kusankha domeni, kutanthauza gulu la zinthu losakhala lopanda kanthu, kenako n'kunena chimene pulediketi iliyonse ndi fankishoni iliyonse ikuimira pa domeniyo. Zonsezi pamodzi ndi modelo. Fomyula ndi yoona paliponse ngati ndi yoona mu modelo iliyonse, ya domeni ya chinthu chimodzi, ya zinthu biliyoni, ya manambala onse owerengera, ngakhale ya manambala onse a pa mzere.

Yankho lofulumira limene ophunzira amapereka pa mayeso ndi lakuti mamodelo ndi osawerengeka, choncho sitingawayese onse. Mawuwa ndi oona koma si umboni. Kulephera kwa njira imodzi sikusonyeza kuti njira zonse zalephera, ndipo pali chitsanzo chimene chimaonetsa zimenezi bwino.

Tiyerekeze kuti fomyula ili ndi mapulediketi olandira chinthu chimodzi chokha, monga P(x) ndi Q(x), yopanda mafankishoni ndi chizindikiro cha =. Mamodelo ake akadali osawerengeka. Koma ngati mapulediketi ndi k, chinthu chilichonse mu domeni chili mu umodzi mwa mitundu 2ᵏ, malinga ndi mapulediketi amene ali oona pa icho. Fomyulayo ilibe njira yosiyanitsira zinthu ziwiri za mtundu umodzi. Ndiye tingachotse zobwerezabwereza n'kusiya chinthu chimodzi pa mtundu uliwonse, mtengo wa fomyula osasintha. Ngati pali modelo yotsutsa fomyulayo, paliponso ina ya zinthu zosapitirira 2ᵏ. Malire abwerera, ndipo vuto lagamulika. Mfundo imeneyi inachokera kwa Leopold Löwenheim mu 1915 ndipo Heinrich Behmann anaikonza bwino mu 1922.

Zinthu zimasintha tikalola pulediketi yolandira zinthu ziwiri. Onani ziganizo zitatu izi:

```
∀x ¬R(x,x)
∀x∀y∀z ((R(x,y) ∧ R(y,z)) → R(x,z))
∀x∃y R(x,y)
```

Yambani ndi chinthu chilichonse a. Chiganizo chachitatu chimapereka b woti R(a,b), kenako c woti R(b,c), n'kumapitirira. Domeni ikanakhala ndi malire, tikanabwerera pa chinthu chimene tinadutsapo kale, ndipo chiganizo chachiwiri chikanatipatsa R(x,x) pa chinthu chimenecho, zomwe choyamba chikukana. Choncho palibe modelo ya malire imene ziganizo zitatuzi zili zoona pamodzi. Koma pa manambala 0, 1, 2, … ndi R kukhala <, zonse ndi zoona. Tikazilumikiza zitatuzi ndi ∧ n'kuika ¬ patsogolo, tapeza fomyula imene ndi yoona mu modelo iliyonse ya malire koma si yoona paliponse. Wosaka modelo yotsutsa m'madomeni a zinthu 1, 2, 3, … sadzaipeza mpaka kalekale.

Apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya lojikiyi. Kuphatikiza ∀x∃y ndi ubale wa zinthu ziwiri kumapatsa fomyula yaifupi mphamvu yolamula kuti pambuyo pa sitepe iliyonse pabwere sitepe ina. Chinenero chokhoza kunena zimenezo chingathe kufotokoza kuyenda kwa pulogalamu.

Theka limene Gödel anatipatsa

Thiyoremu ya kukwanira, imene Gödel anaitsimikiza m'pepala lake la udokotala ku Vienna mu 1929 n'kuisindikiza mu 1930, imati fomyula ndi yoona paliponse ngati, ndipo pokhapokha ngati, ili ndi umboni m'malamulo a lojikiyo. Umboni ndi mndandanda wa zizindikiro wokhala ndi mathero, ndipo makina angathe kuona ngati sitepe iliyonse yatsatira malamulo. Ndiye tingalembe pulogalamu imene imatulutsa mindandanda yonse ya zizindikiro, kuyambira yaifupi, n'kumaona ngati uliwonse ndi umboni wa fomyula yathu. Ngati fomyulayo ndi yoona paliponse, tsiku lina pulogalamuyo idzaupeza umboniwo n'kunena kuti inde. Ngati si yoona paliponse, idzangosakabe. Vuto lotere timati ndi logamulika mbali imodzi.

Zili ngati kudikira m'bale wochokera ku Chipata pa siteshoni ya Intercity, foni yake ili yozima. Akatsika m'basi, mwadziwa kuti wabwera. Koma maola akamapita iye osaoneka, simudziwa ngati ali m'basi yotsatira kapena sananyamuke n'komwe. Chimene chingakumasuleni ndi kudziwa nthawi imene basi yomaliza imafika: ikafika iye mulibe, mungapite kunyumba mukudziwa yankho. Nambala 2ⁿ ya tebulo la choonadi ndiyo basi yomaliza. Mu lojiki ya fesiti oda palibe aligorizimu yotiuza nthawi yake.

Thiyoremu iyi musaisokoneze ndi ya kusakwanira ya mu 1931. Ya kukwanira ikunena za mafomyula oona mu mamodelo onse. Ya kusakwanira ikunena za ziganizo zoona mu modelo imodzi, ya manambala owerengera, zimene sizingatuluke m'mndandanda wa maakisiyomu umene tasankha. Chiganizo chotere, chotchedwa chiganizo cha Gödel, chilibe umboni chifukwa pali mamodelo ena a maakisiyomuwo mmene ndi chabodza, ndipo izi n'zogwirizana ndendende ndi thiyoremu ya kukwanira.

Kuika makina m'kati mwa fomyula

Tsopano umboni weniweni. Umayambira pa vuto la kuima: atatipatsa pulogalamu ndi zoyambira zake, kodi idzaima? Vutoli siligamulika, ndipo chifukwa chake n'chachifupi. Tiyerekeze kuti pali pulogalamu H imene imayankha funsoli molondola nthawi zonse. Timange pulogalamu D imene, ikalandira pulogalamu P, imafunsa H ngati P imaima ikapatsidwa P yomweyo. H ikati inde, D imazungulira kosatha, ndipo H ikati ayi, D imaima. Tikapatsa D pulogalamu D yomweyo, imaima pokhapokha ngati siima, ndipo siima pokhapokha ngati imaima. Choncho H kulibe.

Chotsala ndi kusonyeza kuti aliyense wokhala ndi aligorizimu yogamula mafomyula a fesiti oda ali ndi H m'manja. Turing anachita zofanana ndi izi polemba fomyula yofotokoza tepi ndi mutu wa makina ake. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito makina a marejisita awiri, chifukwa fomyula yake imakwana pa bolodi limodzi ndipo palibe chobisika. Makinawa ali ndi marejisita a ndi b osunga manambala owerengera, ndipo malangizo ake ndi kuwonjezera 1, kuona ngati rejisita ili pa 0 n'kuchotsa 1 ngati siili, ndi kuima. Marvin Minsky anasonyeza mu 1961 kuti makina otere angathe kutsanzira makina aliwonse a Turing, bola zoyambira zilembedwe mwa njira yoyenera. Choncho vuto la kuima kwa makinawa siligamulikanso.

Nayi pulogalamu yaing'ono yosamutsa zimene zili mu a kupita mu b, kuyambira pa a = 2, b = 0:

```
1: if a = 0 goto 3 else a := a - 1; goto 2
2: b := b + 1; goto 1
3: halt
```

Mkhalidwe wa makinawa pa nthawi iliyonse ndi zinthu zitatu: nambala ya langizo, a, ndi b. Akayenda amadutsa (1,2,0), (2,1,0), (1,1,1), (2,0,1), (1,0,2), (3,0,2). Masitepe asanu, aima.

Tsopano titenge chizindikiro 0, fankishoni s, ndi pulediketi imodzi pa langizo lililonse: Q1, Q2, Q3. M'maganizo mwathu s(x) ndi x + 1, ndipo Qi(x,y) ikutanthauza kuti makina amafika pa langizo i ali ndi a = x ndi b = y. Tilembe mkhalidwe woyamba, kenako chiganizo chimodzi pa njira iliyonse imene makina angasunthire:

```
A1: Q1(s(s(0)), 0)
A2: ∀y (Q1(0,y) → Q3(0,y))
A3: ∀x∀y (Q1(s(x),y) → Q2(x,y))
A4: ∀x∀y (Q2(x,y) → Q1(x,s(y)))
φ:  (A1 ∧ A2 ∧ A3 ∧ A4) → ∃x∃y Q3(x,y)
```

Onani mmene A3 ikuchotsera 1 popanda chizindikiro chochotsera: imangogwira ntchito pamene malo oyamba ali ndi maonekedwe a s(x), n'kusiya x. Kulemba φ kuchokera ku pulogalamu ndi ntchito ya makina, mzere ndi mzere, ndipo sikufuna kudziwa ngati pulogalamuyo imaima. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa popanda iyo sitinachepetse vuto lina kukhala linzake.

Tikunena kuti φ ndi yoona paliponse ngati, ndipo pokhapokha ngati, makinawo amaima. Pali mbali ziwiri zoti titsimikize, ndipo zimayenda mosiyana.

Tiyambe ndi makina oima. Tengani modelo iliyonse imene A1 mpaka A4 ndi zoona. Sitikudziwa kuti domeni yake ndi yotani, mwina ndi mitundu ya nsalu, mwina s imabwezera chinthu chilichonse pa icho chokha. Zilibe kanthu. A1 ikutipatsa Q1(s(s(0)),0). A3, ndi x = s(0) ndi y = 0, ikutipatsa Q2(s(0),0). A4 ikutipatsa Q1(s(0),s(0)). A3 kachiwiri, Q2(0,s(0)). A4 kachiwiri, Q1(0,s(s(0))). Pomaliza A2 ikupereka Q3(0,s(s(0))), ndipo ∃x∃y Q3(x,y) yatsimikizika. Sitepe iliyonse ya makina yasanduka sitepe imodzi ya umboni. Pa makina aliwonse, indakishoni pa nambala ya masitepe imasonyeza kuti mkhalidwe uliwonse umene makina amafikapo uli ndi chiganizo chake choona mu modelo iliyonse ya maakisiyomuwo.

Mbali inayo ndi imene ophunzira amaidumpha, pamene ndi yomwe imanyamula katundu. Tiyerekeze kuti makina saima. Tiyenera kupeza modelo imodzi yokha imene maakisiyomu ndi oona koma mapeto ndi abodza. Titenge manambala owerengera, 0 akhale ziro, s ikhale kuwonjezera 1, ndipo Qi(m,n) ikhale yoona pa mikhalidwe yokhayo imene makina amafikadi. A1 ndi yoona chifukwa ndi poyambira. Chiganizo chilichonse cha kusuntha n'choona chifukwa makina akafika pa mkhalidwe wa kumanzere, sitepe yotsatira imawafikitsa pa wa kumanja. Apa tikudalira kuti pa manambala enieni ziro si wotsatira wa nambala iliyonse, ndiponso kuti m + 1 amachokera kwa m yekha. Koma sitinafunikire kulemba zimenezi ngati maakisiyomu, chifukwa modeloyi taisankha tokha. Popeza makina safika pa langizo loimira, Q3 ndi yabodza paliponse, ndipo φ yagwa.

Mungayese nokha: sinthani langizo 2 likhale `a := a + 1; goto 1`, ndipo A4 ikhale ∀x∀y (Q2(x,y) → Q1(s(x),y)). Makina azingozungulira pakati pa (1,2,0) ndi (2,1,0). Modelo yotsutsa ndi imene Q1 ndi yoona pa (2,0) pokha, Q2 pa (1,0) pokha, ndipo Q3 palibe.

Umboni watha. Pakanakhala aligorizimu yogamula mafomyula oona paliponse, tikanatenga makina aliwonse, kulemba φ yake, kufunsa aligorizimuyo, n'kudziwa ngati makinawo amaima. Zimenezo n'zosatheka, choncho aligorizimuyo kulibe.

Mu lojiki ya mapuropozishoni njira imeneyi singayende, ndipo chifukwa chake chikuoneka pa A3. Chiganizo chimodzichi chikulankhula za mikhalidwe yosawerengeka nthawi imodzi. Popanda ∀ ndi s, tikanafunika chilembo chapadera pa mkhalidwe uliwonse, ndipo fomyula ya zilembo zowerengeka ingafotokoze masitepe owerengeka okha. Ingafunse ngati makina amaima m'masitepe 1,000, funso limene ndi logamulika kale pongowayendetsa. Singafunse ngati adzaima n'komwe.

Herbrand: matebulo otsatizana opanda lomaliza

Pali njira ina yoonera nkhaniyi imene, kwa ine, imalumikiza malojiki awiriwa bwino kuposa ina iliyonse. Jacques Herbrand anasonyeza m'pepala lake la udokotala la mu 1930 kuti funso la fesiti oda lingasanduke mndandanda wa mafunso a mapuropozishoni. Kuti tione ngati φ ndi yoona paliponse, timaikana n'kufunsa ngati kukanako kungakhale koona mu modelo ina. Pa chitsanzo chathu, kukana φ ndi A1 mpaka A4 pamodzi ndi ∀x∀y ¬Q3(x,y). Ziganizo zonsezi zili ndi ∀ yekha. Thiyoremu ya Herbrand imati gulu lotere lilibe modelo ngati, ndipo pokhapokha ngati, tingalowetse 0, s(0), s(s(0)), … m'malo mwa mavaliyebulo n'kupeza ziganizo zowerengeka zimene zikutsutsana mwa lojiki ya mapuropozishoni chabe.

Pa makina athu oima, ziganizo zisanu ndi ziwiri zikukwanira: A1, A3 kawiri, A4 kawiri, A2 kamodzi, ndi ¬Q3(0,s(s(0))). Muli tiziganizo tating'ono tisanu ndi kamodzi tosiyana, kamodzi pa mkhalidwe uliwonse wa makina. Tikatitenga ngati zilembo, tebulo lake lili ndi mizere 64, ndipo palibe mzere umene zonse zisanu ndi ziwiri zili zoona. Funso la fesiti oda layankhidwa ndi tebulo la choonadi.

Ndiye aligorizimu ndi iyi: pa gawo n, lowetsani 0, s(0), s(s(0)), … mpaka pamene s wabwerezedwa ka n, yesani ndi tebulo, mukapeza kutsutsana imani, mukapanda kupeza pitani pa gawo n + 1. Gawo lililonse palokha ndi logamulika. Chosowa ndi nambala ya gawo lomaliza. Tiyerekeze kuti pali fankishoni f yowerengeka ndi makina, yoti fomyula iliyonse yoona paliponse ya zizindikiro m imagwidwa pofika gawo f(m). Tikanangoyenda mpaka f(m) n'kuyankha kuti ayi ngati sitinapeze kanthu, ndipo vuto likanagamulika. Popeza siligamulika, f yotere kulibe. Izi zikutanthauzanso kuti kutalika kwa umboni waufupi kwambiri wa fomyula sikungatchingidwe ndi fankishoni iliyonse yowerengeka ya kutalika kwa fomyulayo. Pali mafomyula aafupi amene umboni wawo ndi wautali mosaneneka, chifukwa pali mapulogalamu aafupi amene amayenda nthawi yaitali mosaneneka asanaime.

Amene mumagwiritsa ntchito zida zosakira umboni pa kafukufuku wanu mumakumana ndi zimenezi maso ndi maso. William McCune analemba Prover9 yosaka umboni, ndi inzake Mace4 yosaka modelo yotsutsa ya malire. N'zanzeru kuziyendetsa zonse ziwiri pa funso limodzi. Ya umboni ikapambana, yankho ndi inde, ya modelo ikapambana, yankho ndi ayi. Zonse zikangoyenda mpaka nthawi kutha, simunaphunzire kanthu za fomyulayo: mwina umboni uli patsogolo pang'ono, mwina modelo yotsutsa ndi yaikulu, mwinanso mamodelo onse otsutsa ndi opanda malire, monga pa ziganizo zitatu za R zija. Kulemba mu lipoti kuti fomyula si yoona chifukwa chida sichinapeze umboni ndi kulakwitsa. Ndipo gulu lachitatulo silingathe, chifukwa fomyula iliyonse yosakhala yoona paliponse ikanakhala ndi modelo yotsutsa ya malire, kusaka kuwiriku pamodzi kukanakhala aligorizimu yogamula.

Ena amaganiza kuti kuthawira ku mamodelo a malire okha, monga amene amapezeka m'madatabesi, kungapeputse zinthu. Boris Trakhtenbrot anasonyeza mu 1950 kuti sikupeputsa. Funso loti fomyula ndi yoona mu mamodelo onse a malire siligamulika, ndipo theka limene tili nalo limatembenuka: tingatsimikize ayi popeza modelo yotsutsa, koma palibe dongosolo la maumboni lokwanira kutsimikiza inde.

Pamene mzere wadutsa, ndi zimene sizinayankhidwe

Kusagamulika ndi khalidwe la gulu lonse la mafomyula, osati la fomyula imodzi. Palibe fomyula imene payokha tingati ndi yosagamulika m'lingaliro limeneli, ndipo magulu ena aang'ono ndi ogamulika. Taona kale la mapulediketi a chinthu chimodzi. Mafomyula ogwiritsa ntchito mavaliyebulo awiri okha, opanda mafankishoni, ndi ogamulikanso. Michael Mortimer anasonyeza mu 1975 kuti fomyula yotere ikakhala ndi modelo, ili ndi ina ya malire. Mavaliyebulo akakhala atatu, kugamulika kwatha. Pulediketi imodzi yokha ya zinthu ziwiri ndi yokwanira kubweretsa kusagamulika.

Palinso zodabwitsa kumbali ya mathiyore. Mojżesz Presburger anasonyeza mu 1929 kuti ziganizo za manambala zogwiritsa ntchito kuphatikiza kokha ndi zogamulika, ndipo Alfred Tarski anasonyeza chimodzimodzi pa manambala a pa mzere, ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa komwe. Madomeni onsewa ndi opanda malire. Chimene akusowa ndi njira yolembera kuyenda kwa makina aliwonse m'kati mwa ziganizo zawo. Pa manambala owerengera, kungowonjezera kuchulukitsa pa kuphatikiza kumabwezera njira imeneyo.

Mafunso otseguka ali mbali zonse ziwiri za mzerewu. Kumbali yogamulika, Stephen Cook anasonyeza mu 1971 kuti vuto la SAT, lofunsa ngati fomyula ya mapuropozishoni ili ndi mzere woona, ndi limodzi mwa ovuta kwambiri m'gulu la NP, la mavuto amene yankho lawo la inde, munthu akalipeza, lingatsimikizidwe mofulumira. Palibe akudziwa ngati pali aligorizimu yofulumira ya vutoli, lomwe ndi funso la P ndi NP. Palibenso akudziwa ngati pali dongosolo la maumboni limene fomyula iliyonse ya mapuropozishoni yoona paliponse ili ndi umboni waufupi, lomwe ndi funso la NP ndi coNP.

Kumbali ya fesiti oda, Tarski anafunsa ngati thiyore ya manambala a pa mzere imakhalabe yogamulika tikawonjezera fankishoni ya eˣ. Angus Macintyre ndi Alex Wilkie anasonyeza mu 1996 kuti imagamulika ngati ganizo la Schanuel ndi loona, koma ganizolo silinatsimikizidwe. Yuri Matiyasevich anamaliza mu 1970 umboni woti palibe aligorizimu yodziwa ngati ikwezhoni ya polinomiyo ili ndi yankho la manambala athunthu, koma funso lomwelo pa manambala a mafulakishoni likadali lotseguka. Ndipo Günter Asser anafunsa mu 1955 za gulu la kukula kwa mamodelo a malire a fomyula: kodi manambala otsala kunja kwa gululo nawonso ndi gulu lotere la fomyula ina? Mpaka lero yankho silinapezeke.

Pansi pa zonsezi pali ganizo la Church ndi Turing, loti chilichonse chimene tingachitche aligorizimu chingachitidwe ndi makina a Turing. Zimene tatsimikiza pamwambapa ndi thiyoremu yokhudza makina amenewo. Kunena kuti ikukhudza njira iliyonse yotsata malamulo kukudalira ganizoli, limene silingatsimikizidwe ngati thiyoremu chifukwa mbali yake imodzi si tanthauzo la masamu. Matanthauzo onse odziwika a kuwerengera kwa makina, kuyambira kalikyulasi ya lamuda mpaka makina a marejisita, apezeka kuti ali ndi mphamvu yofanana. Ngati chilengedwe chenichenicho chimalola chipangizo chopitirira malire amenewa ndi funso limene akatswiri a fizikisi ndi a filosofi akukambiranabe.